Lole Ikagubuduzika pa Jenda, Shuga Wanga Alipira Ndani?

Asibweni anga anagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya buloka wa inshulansi ku Mzuzu, ndipo tsopano anapuma, akukhala kumudzi kufupi ndi Embangweni. Ine ndangoyamba kumene kuyendetsa golosale ya amayi pa boma la Mzimba, ndipo katundu wathu timakapikula ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 250 kudzera mu msewu wa M1. Nkhani ya inshulansi ya katundu wa paulendo inkandizunguza mutu, ndiye ndinawafunsa asibweniwo funso limodzi limodzi.

"Asibweni, lole imene timachita hayala ili ndi kapepala ka inshulansi pagalasi. Apolisi a pa Jenda amakaona n'kuilola kudutsa. Nanga ikagwa ndi shuga wanga, si inshulansi yomweyo imene ilipire?"

"Ayi, mwana wanga. Kapepala kaja kawirikawiri n'ka thedi pate, inshulansi imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Ntchito yake n'kulipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwawonongera zinthu: wa njinga amene wagundidwa, mpanda wa nyumba umene wagumulidwa. Katundu amene ali pamsana pa lole yomweyo sakhalamo. Ngakhale mwini lole atagula inshulansi yaikulu ija yokonzetsera galimoto, iyo imasamala za lole, osati mabelo ako a shuga."

"Ndiye alipire mwini lole. Si iye ananyamula?"

"Ukhoza kumuuza kuti alipire, koma taganiza bwino. Eni malole ambiri amanyamula pa mgwirizano woti katundu akawonongeka n'zake za mwini katundu, ndipo ena amachita kulemba zimenezi pa lisiti. Mukakangana, nkhani imakathera kukhoti, miyezi ikupita, shelefu ya m'golosale ili mbee. Ngakhale utawina, munthu amene chuma chake chonse ndi lole yomwe yagwayo akupatsa chiyani? Alipo eni malole ena amene ali ndi inshulansi ya katundu wa anthu, koma yambiri imalipira pokhapokha zitaoneka kuti mwini lole ndiye ali ndi mlandu, ndipo ili ndi malire a ndalama. Ngati munakweza anthu asanu pa lole imodzi, malire amenewo mugawana asanu."

"Nanga yanga ndiye iti?"

"Yako ndi imene pamapepala a makampani amaifupikitsa ndi zilembo zoti GIT. Umagula iweyo, m'dzina lako, ndipo imatsata katundu wako kuchokera pamene wakwezedwa kufikira pamene watsitsidwa. Amagulitsa ndi makampani a inshulansi ya zinthu, monga NICO General, Britam, Reunion ndi General Alliance, kapena udzere kwa buloka kapena ejenti wovomerezeka. Ngozi ikachitika kampani imakulipira iwe, za mwini lole ikaona yokha pambuyo."

"Ndikagula imeneyo, chilichonse chimene chingachitike panjira andilipira?"

Apa asibweni anapukusa mutu. "Funso limeneli ndi limene anthu ambiri safunsa, ndipo amadzalira mochedwa. Inshulansi imeneyi ili mitundu iwiri. Wotchipa umatchula ngozi zake ndi mayina: moto, kugundana, kugubuduzika kwa galimoto. Chimene sichinatchulidwe salipira. Wokwera mtengo umayamba ndi kunena kuti kuwonongeka kulikonse kwadzidzidzi alipira, kenako n'kundandalika zimene achotsamo. Pa woyambawo uwerenge zimene zalembedwa kuti zilimo. Pa wachiwiriwo uwerenge zimene zalembedwa kuti mulibe."

"Sindikuona kusiyana kwenikweni. Lole ikagwa yagwa basi."

"Tiyerekeze chonchi. Wakweza katundu wa K20,000,000, kuphatikizapo ndalama ya hayala: shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere. Mwadutsa Kasungu, mwadutsa Nkhamenya, mwadutsa Jenda, ndipo musanafike pokhotera ku boma tayala laphulika, lole yagona chammbali. Zigubu za mafuta zaphulika, mafuta a K5,000,000 apita m'dothi. Dalaivala ali kuchipatala, ndipo apolisi asanafike anthu atola shuga ndi sopo wa K3,000,000. Wataya K8,000,000. Pa inshulansi yotchipa ija, mafuta alipira chifukwa awonongeka ndi kugubuduzika. Koma shuga ndi sopo sanawonongeke ndi kugwa, wabedwa. Ngati m'chikalata chako mulibe mzere wonena za kuba kochitika ngozi itachitika, kampani ikhoza kukana K3,000,000 imeneyo. Ndiye pogula ufunse mwachindunji: anthu akatola katundu lole itagwa, mulipira? Akati inde, akuonetse pamene palembedwa."

"Chabwino, ndagula yokwera mtengoyo, ndipo za kuba zilimo. Andipatsa K8,000,000 yonse?"

"Zitengera kuti unawauza kuti katundu wako ndi wa ndalama zingati. Pulimiyamu, ndiye kuti ndalama imene umalipira kampani, amawerengera pa mtengo wa katundu. Mlingo wake umasiyana malinga ndi mtundu wa katundu, njira, ndi galimoto, koma kuti masamu aphweke tingoyerekeza kuti akuuza K1 pa K100 iliyonse. Katundu wa K20,000,000 ulipira K200,000. Tsono wamalonda amaganiza kuti lole siingawononge zonse nthawi imodzi, ndiye amalembetsa K15,000,000 kuti alipire K150,000. Wapulumutsa K50,000."

"Koma zimene ndataya ndi K8,000,000, sizinafike pa K15,000,000. Vuto lili pati?"

"Vuto n'lakuti kampani imati iwe unaipatsa magawo atatu okha mwa magawo anayi a katundu wako, gawo lachinayilo unasenza wekha. Ndiye pa chilichonse chowonongeka imalipira magawo atatu mwa anayi. Pa K8,000,000 ikupatsa K6,000,000. Zikalata zambiri za mtundu umenewu zili ndi lamulo limeneli."

"Si kubera kumeneko, asibweni?"

"Ndimamva chifukwa chake ukutero, koma taona mbali inayo. Ndalama zimene amalipira nazo anthu ogwa m'ngozi zimachokera m'thumba limodzi limene amalonda onse amaponyamo. Mnzako wa pa Euthini amene analembetsa mtengo wonse waponyamo K200,000, iwe K150,000, katundu wofanana, msewu wofanana. Mukatapa mofanana, wopusitsidwa ndi iyeyo."

Ndinakhala chete pang'ono, kenako ndinati, "Ndiye ndilandira K6,000,000."

"Usanalandire achotsa ekisesi. Ekisesi ndi gawo loyamba la kuwonongeka limene mwini katundu amasenza yekha nthawi zonse, ndipo limalembedwa pa tsamba loyamba la chikalata. Tiyerekeze kuti yako ndi K10 pa K100 iliyonse ya zimene akulipira. Pa K6,000,000 achotsa K600,000, utsala ndi K5,400,000. Ukanalembetsa mtengo wonse, akanachotsa K800,000 pa K8,000,000, ukanalandira K7,200,000. Kusiyana kwake ndi K1,800,000, pofuna kupulumutsa K50,000."

"Nanga ekisesiyo n'njachiyani? Ndalipira kale pulimiyamu."

"Ili ndi ntchito ziwiri. Imaletsa kuti katoni imodzi ya sopo ikaphwanyika anthu azithamangira ku ofesi, chifukwa ndalama yotumizira munthu kukaona katoniyo ingapose mtengo wa sopoyo, ndipo pulimiyamu ya aliyense ingakwere. Imachititsanso kuti mwini katundu asasiye kusamala. Uyang'anenso ngati alemba kuti ekisesi siitsika kuposa ndalama yakutiyakuti. Ngati yochepetsetsa ndi K250,000, kuwonongeka kwa K200,000 sulandira kanthu. Inshulansi imeneyi si ya zigubu ziwiri zodontha. Ndi ya tsiku limene lingatseketse golosale."

"Ine ndimapita ku Lilongwe kawirikawiri. Ndizikagula ulendo uliwonse?"

"Ukhoza kugula ya ulendo umodzi, ndipo imathandiza munthu amene amanyamula katundu wamkulu mwa apo ndi apo. Woyenda pafupipafupi amagula ya chaka. Pa imeneyo amakufunsa manambala awiri: katundu yense amene ukuyembekeza kunyamula pachaka, ndi mtengo wa katundu wochuluka kwambiri amene angakhale pa galimoto imodzi nthawi imodzi. Nambala yachiwiriyi ndiyo imagwetsa anthu. Amatchula katundu wa mwezi wamba, kuiwala kuti mu Disembala, Khirisimasi ikayandikira ndipo abale a ku Joni atumiza ndalama, lole imadzaza kawiri. Ndipo mitengo siikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi malire olembedwa mu Januwale chaka chimenecho anapezeka kuti mabelo omwewo, pa lole yomweyo, adutsa malirewo. Mitengo ikakwera, kapena ukadziwa kuti ulendo uno katundu wachuluka, uimbire kampani lole isananyamuke, akweze malire, ulipire kotsalako, ndipo akupatse pepala."

"Mwati yokwera mtengo ija imandandalika zimene achotsamo. N'ziti?"

"Zimene zingakukhudze iwe n'zitatu. Choyamba n'kumanga ndi kufunditsa. Mvula ikakupezani panjira, madzi n'kulowa chifukwa tenti inali yong'ambika, shuga n'kuuma gwa ngati mwala, kampani iti imeneyo si ngozi, n'kusafunditsa bwino. Chachiwiri n'kusiya galimoto popanda munthu. Dalaivala akaimika pa Kasungu usiku, iye ndi wothandiza wake n'kupita kukagona kwina, m'mawa n'kupeza tenti yachekedwa, zikalata zambiri zimakana. Zimafuna kuti pakhale munthu, kapena lole igone mumpanda wa mlonda. Chachitatu ndi galimoto yeniyeniyo: yolemedwa kupyola muyezo wake, yopanda chiphaso cha COF, kapena dalaivala wopanda laisensi ya galimoto ya kukula kumeneko."

"Koma lole si yanga. Ndingadziwe bwanji za laisensi ya munthu?"

"Zikalata zimasiyana pamenepa. Zina zimakulanga pokhapokha ngati unkadziwa, zina sizifunsa n'komwe. Njira yosavuta n'kuona wekha. Timapepala ta COF ndi inshulansi tili pagalasi, masiku ake amawerengeka. Laisensi upemphe mwaulemu, ujambule ndi foni. Ndipo ukaona mwini lole akuwonjezera matumba a simenti a munthu wina pamwamba pa katundu wako mpaka masipuling'i agona, ulankhule pomwepo, chifukwa kulemera kumeneko kukhoza kukudyera chipukuta misozi chako."

"Nanga pobwerera? Nthawi zina lole imapita ku Lilongwe ndi tomato wa pa Jenda, kapena nyemba ndi soya wa kuno kwathu."

"Nyemba ndi soya zilibe vuto ngati unazitchula pogula, chifukwa chikalata chimateteza mtundu wa katundu umene unalembetsa. Unalembetsa za m'golosale, ukanyamula fodya kapena mafoni, ndi nkhani ina. Tomato ndiye wovuta. Lole ikagwa n'kumuphwanya, imeneyo ndi ngozi. Koma injini ikafa pa Nkhamenya, mwakhala masiku awiri padzuwa, tomato n'kuola, salipira. Kuchedwa amakuchotsa, ndiponso kuola n'chibadwa cha tomato. Palinso nkhani ya umboni. Shuga ali ndi invoisi ya kuhoselo, koma nyemba zogula kwa alimi m'midzi zilibe. Ndiye usunge buku: tsiku, makilogalamu, mtengo, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati unalipira pafoni. Popanda zimenezo, munthu wa kampani awerengera yekha, ndipo sawerengera mokomera iwe."

"Amayi ali ndi kagolosale kena ku Edingeni. Katundu wina timatsitsa pa Jenda, amagona pakhonde la sitolo ya mnzathu, m'mawa n'kukwera pikapu. Pamenepo inshulansi ikadalipo?"

"Funso labwino. Chikalata chimanena pamene ulendo ukuyambira ndi pamene ukuthera. Ngati chikuti kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mzimba, katundu wogona pakhonde pa Jenda akhoza kuonedwa ngati wafika kale, ndipo pikapuyo ndi ulendo wina umene sunalembetse. Uwafotokozere ulendo wako monga umayendera: kutsitsa, kugona, kusintha galimoto, msewu wa kumudzi. Uwafunsenso ngati kukweza ndi kutsitsa kulimo, poti zigubu zambiri zimaphulika m'manja mwa otsitsa. Ndipo ngati tsiku lina udzawolokera ku Lundazi, udziwe kuti chikalata cholembedwa kuti m'Malawi muno chimathera pa malire."

"Sindingabise pang'ono kuti pulimiyamu isakwere?"

"Usayese. Pepala lofunsira inshulansi limene umadzaza ndilo maziko a mgwirizano wonse. Kampani ikapeza kuti unabisa chinthu chimene chikanasintha mtengo, monga kuyenda usiku kapena ngozi imene unachitapo kale, ili ndi mphamvu yothetsa mgwirizano wonse, ngakhale pa ngozi imene sikukhudzana ndi chobisikacho. Ndipo pulimiyamu ulipire lole isananyamuke, ku akaunti ya kampani kapena ya buloka, ulandire lisiti. Lonjezo la pakamwa la ejenti si inshulansi."

"Tsono tsikulo lafika, foni yalira, lole yagwa. Ndichite chiyani?"

"Choyamba anthu: ovulala apite kuchipatala. Kenako uchite ngati munthu amene alibe inshulansi n'komwe, chifukwa chikalata chimafuna kuti uchepetse kuwonongeka. Ika anthu olondera, funditsa zotsala, peza galimoto ina isamutse zimene zapulumuka, ndipo usunge malisiti a zonsezo poti zikalata zambiri zimabweza ndalama zoterozo. Jambula zithunzi lole isanadzutsidwe. Kanene kupolisi kuti udzapeze lipoti, ndipo ngati anthu atola katundu, zimenezo zilembedwe m'lipotimo. Uimbire kampani tsiku lomwelo, n'kutsatiza ndi uthenga wolemba, chifukwa chikalata chilichonse chili ndi nthawi yake yodziwitsira. Zigubu zophulika ndi mabelo onyowa usataye kapena kugulitsa mpaka munthu wa kampani wodzayesa kuwonongeka ataziona. Zimene zingagulike motchipa, mtengo wake auchotsa pa zimene akupatse."

"Mapepala afuna ati?"

"Ma invoisi a kuhoselo, lipoti la apolisi, laisensi ya dalaivala, mapepala a galimoto, ndi mndandanda wa zimene zinakwezedwa. Mndandanda umenewu ndiwo anthu sakhala nawo. Invoisi imasonyeza zimene unagula, siisonyeza kuti zinakwera lole imeneyo. Ndiye pokweza ku Lilongwe, lemba mabelo angati, makatoni angati, zigubu zingati, nambala ya galimoto ndi tsiku, dalaivala asayine, aliyense atenge pepala lake. Mphindi khumi zokha, koma ndilo pepala limene lidzanene kuti shuga wa K3,000,000 analipodi."

"Chinthu china chikundivuta, asibweni. Mwini lole timapemphera naye mpingo umodzi. Ngozi ikachitika adzabwera ndi akuluakulu kudzapepesa, ndipo amayi adzati takhululuka, nkhani yatha. Kodi pamenepo talakwa?"

Asibweni anayankha mofatsa. "Kukhululuka mumtima palibe angakuletseni. Koma kampani ikakulipira, imatenga ufulu wako wokafuna ndalama kwa amene anachititsa ngoziyo. Ukasayina pepala loti mwini lole alibe mlandu, kapena ukalandira mbuzi ndi kandalama n'kunena kuti zatha, wataya ufulu umene kampani imadalira, ndipo ikhoza kuchepetsa kapena kukana kukulipira. Zikalata zambiri zimafunanso kuti umulembere kalata mwini lole yomudziwitsa za kuwonongekako. Ndiye akuluakulu akabwera, alandireni mwaulemu, koma muwauze poyera kuti nkhani ya ndalama ili m'manja mwa kampani, inu simungaitseke. Ndi bwino amayi ako amve zimenezi lero, ngozi isanachitike, ndipo mwini lole adziwenso kuti katundu wako ali ndi inshulansi."

"Nanga ndachita zonsezi, kampani n'kukana?"

"Upemphe kuti akane molemba, atchule mzere wa m'chikalata umene akuimirapo. Ngati unagula kudzera kwa buloka, ntchito yake n'kukumenyera nkhondo pamenepo. Mukalephera kumvana, makampani a inshulansi ali ndi owayang'anira: ofesi ya mlembi wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, imene imapereka ziphaso kwa makampani ndi mabuloka, ndipo imalandira madandaulo a anthu. Banki imeneyi ili ndi nthambi ku Mzuzu. Ukapita ndi chikalata, lisiti la pulimiyamu ndi kalata yokanirayo, uli ndi poyambira."

"Zotchinga zachuluka chonchi, kodi n'koyenera kugula? Phindu la pa shuga n'lochepa kale."

"Yankho lili m'buku la golosale yako. Tenga katundu wa ulendo wako waukulu, uyerekeze kuti watayika yense. Kodi mawa lake ungathe kukapikulanso? Ngati ungathe, ukhoza kusenza wekha, kapena kugula yotchipa ya moto ndi kugubuduzika. Ngati ulendo umodzi umanyamula pafupifupi mpamba wonse, uwerengere pulimiyamu ngati mbali ya mtengo wa katundu, monga umawerengera hayala ndi otsitsa. Pa chitsanzo chathu chija, K200,000 pa K20,000,000 ndi K1 pa katundu wa K100 aliyense."

"Theka la katundu wathu timatenga pa ngongole, china kuhoselo, china ku banki m'khonde."

"Ndiye funso lako wayankha wekha. Katundu wa ngongole akangotuluka pachipata cha hoselo pa lole imene wapeza iwe, kawirikawiri ngozi yake ndi yako, ngakhale sunamalize kulipira. Lole ikagwa, mwini hoselo adzafuna ndalama zake pa tsiku limene munapangana, amayi a ku banki m'khonde adzafunanso zawo ndi chiwongola dzanja. Pokalembetsa mtengo, uphatikize katundu wa ngongoleyo yense, osati amene walipira yekha."